Nambala Imene Inakana Kufufutika

Ntchito ya ukalaliki ku sikimu ya mpunga ya ku Wovwe ndinaiyamba ndili ndi mtima wapachala, ndipo Karonga ndi kutentha kwake sanauchepetse mpang'ono pomwe. Ndine mkazi wa ku Ntcheu ine, Chitumbuka ndinachiphunzira ndili wamkulu, chogulira tomato ndi kuyankhira moni basi. Bungwe limene linandilemba ntchito linali ndi likulu lake ku Lilongwe, ndipo nyengo iliyonse yowokera linkapatsa mlimi aliyense wolembedwa matumba awiri a feteleza. Ofesi yanga inali chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba yosungiramo mpunga. Munali tebulo, mipando iwiri, laputopu, batire la sola, ndi kachipangizo ka intaneti kamene ndinkakapachika pa msomali wa pawindo chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki inkadutsa.

Ntchito yanga inali kusamala kaundula wa alimi mu laputopumo. Mlimi aliyense anali ndi mzere wake, ndipo mzerewo unali ndi timabokosi: dzina, mudzi, nambala ya munda, kukula kwa mundawo, chithunzi, ndi nambala ya foni. Lachisanu lililonse folo koloko madzulo laputopu inkatumiza kaundulayo ku likulu payokha, ine osaikhudza. Nyengo ya feteleza ikafika, kompyuta ya ku likulu inkatumiza uthenga pa foni ya mlimi aliyense, wokhala ndi nambala yachinsinsi, ndipo mlimi ankakaonetsa nambalayo kwa wogulitsa zaulimi pa Uliwa n'kutenga matumba ake. Amene anakonza dongosolo limeneli anali anthu a mafoni awiriawiri, choncho sanaone chovuta.

Poyamba laputopu inkatumiza kaundula yense, ndi zithunzi zomwe, sabata iliyonse. Bandulo imene likulu linkatigulira pa mwezi inali yoti ukangoyetsemula yatha. Ndinkakhala pansi n'kumayang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pa sikirini, kakafika pakati netiweki n'kuthawa, ikabwerera zonse n'kuyambanso pachiyambi. Pofika sabata yachiwiri bandulo inali itapita, kaundula asanafike. Lolemba foni inkalira, bwana wa ku likulu akufunsa mwaulemu wonse ngati ku Karonga kukadali anthu ogwira ntchito.

Ndiye anatitumizira katswiri wa makompyuta, bambo wamimba yake ndithu, wokonda kuseka, amene anafika atatuluka thukuta mpaka m'masokosi. Anakhala ndi laputopu yanga m'mawa wonse, kenako anandiitana kuti andifotokozere.

"Mayi, mukapita kukaona amayi anu sabata iliyonse, mumayamba kuwauza mbiri yanu kuchokera tsiku limene munabadwa?"

Ndinati ayi.

"Mumangonena zimene zasintha. Nayonso iyi izichita chimodzimodzi."

Anafotokoza bwino, sindingamunamizire. Laputopu izisunga kope la kaundula monga mmene likulu linamulandirira komaliza. Lachisanu iziyerekeza kope limenelo ndi kaundula wa lero, bokosi ndi bokosi, n'kutola mabokosi okhawo amene asintha, lililonse limodzi ndi nambala ya mwini wake kuti likulu lidziwe pokaliika. Ikatero izipanikiza zonsezo kukhala kaphukusi kakang'ono, monga mmene timapondera thonje m'thumba, ndipo ku likulu kompyuta izimasula kaphukusiko popanda kanthu kotayika. Likulu likayankha kuti lalandira, laputopu izikonzanso kope lake. Likapanda kuyankha, zosinthazo zizidikira ulendo wotsatira. Chithunzi cha mlimi chizipita kamodzi kokha, pokhapokha nditamujambulanso.

"Ndipo ndapulumutsanso pena," anatero akudzisisita pamimba. "Mabokosi opanda kanthu sitinyamula. Thumba lopanda kanthu mungalilipirire pa basi?"

Ndinavomera ndi mutu, ndipo ndinavomeradi ndi mtima wonse, chifukwa munthu amene wakhala akudikira kamzere kobiriwira miyezi yambiri amakonda aliyense wonena zochepetsa katundu. Lachisanu lotsatira ndinakhala pansi ndi kapu ya tiyi kuti ndidikire monga mwa masiku onse. Ndisanaike shuga, zonse zinali zitapita. Bandulo inayamba kufika kumapeto kwa mwezi, mpaka kutsalako. Ofesi yathu inatchulidwa pa msonkhano ku likulu monga chitsanzo cha kusamala, ndipo bwana uja anandiimbira kundiyamikira ngati kuti ndine ndinalemba pulogalamuyo. Sindinamutsutse.

Tsiku lina, mpunga wa dzinja utakololedwa, kunabwera mayi wina ku ofesi. Ndinkamudziwa nkhope. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, mmodzi mwa anthu amene amafika m'munda ngalande zisanatsegulidwe. Munda unali m'dzina lake, anachita kusiyiridwa ndi bambo ake. Anakhala pa mpando, n'kuyala chitenje pa maondo, n'kundipatsa moni wautali wa kuno, wofunsa mpaka za ana amene ndinalibe. Kenako anayamba m'Chichewa chake chosakaniza.

"Madamu, nambala ya foni iyo muli nayo pa zina langa, fumiskaniko. Ni ya adada ŵa kunyumba. Nkhuyikhumba yayi."

Nkhani yake inali yakuti polembetsa analibe foni, ndiye anapereka nambala ya mwamuna wake. Mwamunayo tsopano anali atakwatira mkazi wachiwiri ku Chilumba, komwe ankagula usipa n'kumagulitsa, ndipo ku Wovwe ankangobwera ngati mlendo. Nyengo yapitayo uthenga wa feteleza unafika pa foni yake, iye n'kukatenga matumba onse awiri pa Uliwa, osafika nawo kumunda. Mpunga wa mayiyo unachita chikasu uli m'madzi, ndipo zimene anakolola sizinafike ndi mwezi wa chisanu.

Ndinatsegula mzere wake, n'kumuuza kuti abwere aone yekha. Ndinafufuta nambalayo pang'onopang'ono, iye akuyang'ana, mpaka bokosi linayera. Lamulo linali lakuti mlimi wopanda foni likulu limamusindikizira kapepala, kamene kamabwera ku ofesi kwanga pa galimoto ya bungwe, iye n'kudzatenga ndi dzanja lake. Ndinamufotokozera zimenezo.

"Yafuma nadi?" anafunsa.

"Yachoka, mayi. Lachisanu ku Lilongwe adziwa."

Anawomba m'manja pang'ono, nati yewo chomene, n'kutuluka. Lachisanu laputopu inatumiza kaphukusi kake, likulu linayankha kuti lalandira, ndipo ine ndinapita kwathu ndikudzimva kuti ndine munthu wothandiza.

Nyengo ya mpunga wothirira inafika, anthu anawokera, galimoto inabweretsa timapepala. Ndinafufuza kawiri, ka mayi uja panalibe. Ndinati mwina aiwala kusindikiza. Mawa lake ndinakwera naye kabaza mpaka pa Uliwa kuti tikafunse kwa wogulitsa, bambo wachisilamu wa ku Mangochi, wodekha ngati madzi a m'chitsime. Anayang'ana m'foni mwake, natiuza kuti matumba a munda umenewo anatengedwa dzana ndi bambo wina amene anabwera ndi nambala yolondola.

"Simunaone kuti dzina ndi la mkazi?" ndinamukalipira.

"Achemwali, ine amandiuza kuti ndiziona nambala. Theka la amene amabwera pano amatengera akazi awo. Ndiyambe kufunsa za m'mabanja, ndigulitsa liti?"

Mayi uja anangondiyang'ana kamodzi, osati mwaukali, koma monga mmene umayang'anira munthu amene wakulonjeza mvula. Kuyang'ana kumeneko kunandiwawa kuposa kutukwanidwa, ndipo njira yonse yobwerera ndinkalimbana ndi misozi yaukali.

Nditafika ku ofesi ndinatsegula mzere wake. Bokosi linali loyera mmene ndinalisiyira. Zimene zinali mu kompyuta ya ku likulu sindinkatha kuziona ndili ku Wovwe, chifukwa msewu wathu unali wopita kokha, kubwerera kunkangobwera mawu akuti talandira. Ndinaimbira katswiri uja. Ndisanamalize kufotokoza anali atadziwa kale chimene chachitika, ndipo anaseka, kuseka kwa munthu amene wapeza kiyi m'thumba limene anafufuzamo kale.

"Aa, ndaona! Laputopu inaona kuti bokosilo lasintha. Koma popanga kaphukusi imataya mabokosi opanda kanthu, ndiye nalo linatayidwa. Kuno, bokosi likapanda kubwera timati silinasinthe, timasunga zakale. Likulu litayankha kuti lalandira, laputopu yanu inakonza kope lake, ndiye kwa iyo nkhani inatha. Siidzatumizanso."

"Ndiye kuti kwa inu kufufuta ndi kusakhudza ndi chinthu chimodzi?"

"Pakadali pano, eya. Pamafunika kachizindikiro konena kuti ichi chafufutidwa. Ndi kanthu kakang'ono kwambiri, mukakapanikiza sikadya ndi bandulo yomwe."

"Nanga munakachotseranji?"

Anati sanakachotse, sanakaganizire chabe, ndipo anandiyamikira kuti ndatulukira cholakwika chosangalatsa. Kukonza kwake kunkafuna kusintha pulogalamu mbali zonse ziwiri, ku likulu ndi m'maofesi onse, ndipo zimenezo zinkadikira chilolezo cha komiti. Ndinapempha kuti angofufuta nambalayo yekha kumeneko, pakuti kompyuta anali nayo pamphuno. Anati ndi zoletsedwa kuti wa ku likulu asinthe za mlimi, kuopa chinyengo, zosintha zonse zizichokera kumunda. Ndinapempha kuti titumize kaundula yense kamodzi, monga kale. Anati njira imeneyo anaitseka, pakuti ndi imene inkatha bandulo, ndipo anandikumbutsa kuti amene ankadandaula kwambiri ndinali ine. Walira mvula walira matope, ndinadziuza, koma foni ndinadula osatsanzika.

Mpunga wa mayi uja unachitanso chikasu. Ndinkadutsa pa munda wake popita ku ntchito, ndipo ndinayamba kuzungulira njira ina.

Koma ndinali nditamva chinthu chimodzi pa zonena za katswiriyo. Bokosi lopanda kanthu silipita, lokhala ndi kanthu limapita. Ndinayesa kulemba mawu akuti palibe, laputopu inakana, inati muno mumalowa manambala okha. Ndinayesa maziro okhaokha, inati si nambala ya foni imeneyo. Ndiye ndinalemba nambala yanga. Lachisanu ndinaima pa laputopu ngati mlonda, ndipo pa mndandanda wa zimene zatumizidwa ndinaona mzere wa mayi uja, bokosi la foni, lapita. Nyengo yotsatira uthenga unalira m'thumba mwanga. Ndinamuperekeza ndekha mayiyo pa Uliwa, tinakweza matumba awiri pa njinga, ndipo bambo wa ku Mangochi uja anatithandiza kumanga chingwe osafunsa kalikonse.

Chaka chimenecho munda wake unabiriwira mpaka anthu ankaima pa ngalande kuuyang'ana. Atakolola anandibweretsera mpunga wa Kilombero m'kathumba, ndinakana, anausiya pakhomo n'kumapita. Mwamuna wake anabwera kamodzi ku ofesi, atavala jekete m'dzuwa la ku Karonga, kudzafunsa chifukwa chake foni yake yasiya kulandira mauthenga a boma. Ndinamuuza kuti si a boma, ndiponso si ake. Anandiuza kuti akazi a kumwera ndife opanda mwambo, ine ndinati ndi zoona, ndipo khomo ndi lomwe analowera lija.

Nkhani yabwino siigona pa mjigo. Posapita nthawi anayamba kubwera ena, mmodzimmodzi, ambiri madzulo pochokera kumunda, matope ali m'miyendo. Wina nambala inali ya mwamuna woledzera, wina ya mlamu amene anatenga foni ya malemu mwamuna wake, wina ya mwana amene anapita ku Joni ndi foni yake yomwe. Aliyense ankayamba ndi moni wautali, kenako n'kunena chapansipansi kuti, "Madamu, nane mundichitire nga ni mwachitira anyane." Kufufuta ndinkadziwa kuti n'kungodzinamiza. Komiti inali isanakumane. Ndinkalemba nambala yanga, ndipo Lachisanu lililonse inkapita bwinobwino, yopanikizidwa, yosadya bandulo. Tsiku la mauthenga foni yanga inkalira ngati ya sing'anga, ndipo amayi a pa msika anayamba kunditchula kuti mwamuna wa sikimu yonse. Ndinkaseka nawo, chifukwa pa amuna onse amene anali m'kaundulayo ndine ndekha amene ndinkafikitsa feteleza kumunda.

Ku likulu kunabwera anthu oona ngati zinthu zikuyenda mwachilungamo, ndipo kompyuta yawo inachita chimene makompyuta amachita bwino. Inapeza nambala imodzi ya foni itakhala pa mayina ambiri, ndipo nambalayo inali ya kalaliki. Kunena zoona, inenso ndikanakhala pa mpando wawo ndikanaganiza zomwezo: alimi a m'mutu, feteleza wa m'thumba mwa kalaliki. Bwana uja anandiimbira, ulemu uja utatha. Ndinamufotokozera za bokosi lopanda kanthu, ndinamuuza kuti afunse katswiri wake, ndinamuuza kuti abwere adzawerenge amayiwo ndi maso ake, adzaonenso minda. Katswiri anavomera kuti cholakwikacho chilipodi, ndipo chili pa mndandanda wa zokonza. Zimenezo zinandipulumutsa ku polisi, koma sizinapulumutse wina aliyense.

Chigamulo chinabwera chonchi. Mayina onse okhala ndi nambala yanga aimitsidwa. Kuti dzina libwerere, pafunika nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina la mlimiyo, kapena la mwamuna wake kapena mkazi wake, ndipo ifike ku likulu pa Lachisanu lomaliza mauthenga asanatumizidwe. Ndinafunsa za timapepala tija ta anthu opanda foni. Anati timapepala timapita kwa amene bokosi lawo ndi lopanda kanthu ku likulu. Ndinafunsa kuti nanga bokosi lingakhale bwanji lopanda kanthu ku likulu pamene kufufuta sikufika. Bwanayo anati limenelo ndi funso labwino, alipereka ku komiti.

Sabata imeneyo ndinaiyenda ngati wamisala. Amene anali ndi chiphaso cha unzika ndinawaperekeza pa Uliwa kukagula simu khadi m'dzina lawo, yoti tsiku la uthenga adzailowetse m'foni ya aliyense. Ambiri zinawayendera, ndipo ndinadzitukwana kuti nzeru imeneyi inali kuti poyamba paja. Koma simu khadi salembetsa popanda chiphaso, ndipo cha mayi wamtali uja chinali ku Chilumba, m'sutikesi ya mwamuna wake, momwe munkakhala mapepala onse a banja kuyambira tsiku la ukwati. Kupangitsa china ku Boma kukanatenga miyezi, pamene mbande zinali zitakula kale mu nazale. Lachitatu anakwera minibasi kupita ku Chilumba kukachipempha.

Anabwera Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo. Anakhala pa mpando, napukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse chiphaso.

"Ŵakana," anatero. "Ŵakuti chiphaso chikukhala na mwanalume. Kweni tapulikana, madamu. Nambala yawo yiwerere. Thumba limoza lawo, limoza lane."

Ndinamuuza kuti asavomere zogawana feteleza ndi mwamunayo. Ndinati tipite kwa ankhoswe, tipite kupolisi, tipite kulikonse, munda ndi wake, dzina ndi lake. Ndinalankhula kwambiri, mokweza, monga ndimachitira, ndipo iye anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako anandifunsa ngati onsewo angamalize nkhaniyo folo koloko isanakwane. Ndinayang'ana wotchi ya pa laputopu.

"Limoza ni limoza," anatero. "Lembani."

Anaitchula pamtima, nambala ndi nambala, osaphonya, ndipo ine ndinkalemba. Sindinadanepo ndi ntchito yanga ngati mphindi imeneyo. Nditamaliza anasendera pafupi n'kuyang'ana bokosi lija, tsopano litadzaza.

"Sono iyi yifikenge ku Lilongwe? Panyake nayo yitayikenge pa nthowa?"

"Iyi ifika, mayi," ndinatero. "Zoterezi sizitayika."

Anadikira nane mpaka nthawi inakwana, kuti aone ndi maso ake. Laputopu inatola zosintha za sabatayo, inapanikiza, inatumiza, ndipo likulu linayankha nthawi yomweyo kuti lalandira. Mayiyo anaimirira, nati yewo, n'kupita kukazula mbande.